Ndinatsanzika Ulendo Usanapse

Amuna anga atapita ku Ireland kukagwira ntchito ya unamwino, ine ndinatsala ku Rumphi Boma m'nyumba ya lendi, kudikira kuti mapepala anga atheke ndiwatsatire. Kwathu ndi ku Dedza. Ku Rumphi ndinabwera chifukwa cha banja, ndipo Chitumbuka changa mpaka lero n'chosweka. Ndimamva zambiri, koma ndikatsegula pakamwa ana amaseka.

Chimene chinandizika m'tauni muja ndi ntchito yongodzipereka. Panali kabungwe kogwirizana ndi mpingo, kothandiza ana obadwa ndi ulumali wa muubongo, aja amachedwa kulimba khosi, kukhala pansi ndi kuyenda. Ife mavolontiya sitinali madokotala. Anatiphunzitsa mafizo osavuta: kuwongola timanja ndi timiyendo touma, kukhazika mwana pampando wamatabwa wapakona kuti msana uwongoke, kumudyetsa phala ali tsonga kuti asatsamwe. Aliyense anali ndi mabanja ake owayendera sabata iliyonse, ndipo kamodzi pamwezi tinkaperekeza amayi ndi ana awo kuchipatala kukaonana ndi a mafizo enieni. Malipiro kunalibe, kupatula njinga yakapalasa yobwereka ndi sopo wa apo ndi apo. Ndinagwira ntchitoyi zaka zingapo, ndipo ndinkaikonda kuposa mmene ndinkavomerezera pagulu.

Nditakapereka mapepala a viza ku Lilongwe, amuna anga anaimba foni mawu ali m'mwamba.

"Mayi, yambani kulongedza. Mkazi wa mnzanga kuno zake zinatheka miyezi iwiri isanathe. Dzinja lisanafike mukhala muli kuno."

Tsiku lomwelo anaimbanso apongozi anga aakazi, amene amakhala kumtunda ku Livingstonia. Iwowa ndi mayi wa mvano, wopemphera, wodziwa Chingerezi kuposa ine, koma mawu awo anali akuti: "Mwana wanga, ulendo sauza anthu. Ukhale chete mpaka pasipoti ili m'manja. Si onse okusekerera amakufunira zabwino."

Ndinavomera. Koma nditaika foni pansi ndinakumbukira pangano limene ndinasaina polowa m'bungwe, lakuti wofuna kusiya azinena kudakali mwezi wathunthu. Tsono ndikanatani? Ndikadikira viza, tikiti idzagulidwa msanga ndipo mwezi uja sudzapezeka. Ndikanena tsopano, ndanyoza apongozi, komanso ndikulengeza ulendo umene tsiku lake sindikulidziwa. Ndinakhala masabata angapo ndikupalasa njinga kupita kwa ana anga nkhani ili pakhosi. Mayi wina akandiuza kuti, "Mvula ikadzagwa mudzatithandize kupempha pulasitiki wofolera," ine ndinkangoti "Chabwino," kwinaku mtima ukundiluma.

Mapeto ake ndinalowa muofesi ya amayi amene ankatiyang'anira, akodineta athu. Anali munthu wosachedwa kuseka koma wosasewera ndi malamulo. Ndinatseka chitseko.

"Amayi, ndili ndi nkhani, koma ikhale ya ife awiri."

Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anavula magalasi.

"Yewo chomene pondiuza, asisi. Ambiri timangomva kuti ali ku Joni, njinga yathu ili kwa alamu awo. Koma chinsinsi chimenechi sindingachisunge nthawi yaitali. Inu mukachoka, ana aja atsala ndi ndani?"

"Si mupeza wina?"

"Kupeza n'kosavuta, kumulowetsa ndiye ntchito. Abweretse kalata ya kupolisi yosonyeza kuti alibe mlandu, ina ya kumpingo kapena kwa amfumu, aphunzire za chitetezo cha ana, aphunzire mafizo. Asanathe zimenezo sangakhale yekha ndi mwana. Kenako muyende naye limodzi nyumba iliyonse, mumuonetse, makolo amuzolowere. Mwezi ujatu sitinaulembe kuti tikuzunzeni."

"Nanga ngati viza ichedwa?"

"Nanga ngati ifulumira?"

Tinayang'anana. Anandipatsa pepala loyera kuti ndilembe kalata yosiya ntchito, ndipo pofika pa tsiku lomaliza cholembera chinaima. Ndinafunsa kuti ndilembe liti. Iwo anati, "Lembani limene mukuganiza." Ndinawerengera pa mawu a amuna anga, n'kulemba kumapeto kwa Ogasiti. Ndinatuluka muofesi muja ngati munthu amene wagulitsa nyumba asanapeze kokagona.

Wolowa m'malo mwanga anapezeka msanga. Anali mayi wopuma ntchito yauphunzitsi, wobadwira komweko, wamsinkhu wa amayi anga. Tonse tinkangowatchula kuti aphunzitsi. Pamene iwo ankamaliza maphunziro awo, ine ndinapatsidwa ntchito yolemba za mwana aliyense: zimene amatha, zimene tikuyesera, mankhwala amene amamwa ngati ali ndi khunyu, tsiku lake la kuchipatala, ndi amene amamusamala mayi ake akapita kumunda. Ndinkaganiza kuti n'zachidule. Koma nditakhala pansi ndinapeza kuti zimene ndinkadziwa zenizeni sizilembeka. Ungalembe bwanji kuti nyumba yakuti usafike bambo ali pakhomo chifukwa amachita manyazi ndi mwana wawo? Kapena kuti agogo a kwakuti amavomera zonse koma ukachoka amabisa mpando wapakona pansi pa nkhokwe? Akodineta anati zoterezo ndiziwauza aphunzitsi pakamwa tili m'njira, m'mafayilo muzilowa zokhazo zimene kholo litaziwerenga silingakhumudwe. Ndiye tinkayenda, iwo pakabaza ine panjinga pambali pawo, ndikuwakhuthulira za m'nyumba za eni mphepo ya mu Ogasiti ikutimwetsa fumbi.

Nyumba imene inkandiopsa inali cha kumsewu wa ku Bolero. Kumeneko kunali kamtsikana ka zaka zinayi ndi mayi ake, mtsikana wamng'ono kwa ine, wogulitsa tomato. Mwamuna wake anapita ku Joni mwanayo ali wakhanda, osabwereranso. Pamene ndinkayamba kuwayendera, kamwanako kankangogona chagada pamphasa, manja atafumbata. Tinalimbana nako ine ndi mayi ake mpaka kanayamba kudzutsa mutu, kenako kukhala pampando, kenako kugwira sipuni ya chigwiriro chokulungidwa nsanza. Kankandidziwa ndi belu la njinga. Ine ndi amuna anga tinalibe mwana panthawiyo, ndipo sindinama, kamtsikana aka ndinkakaganizira ngakhale masiku osakhala a ntchito.

Lamulo linali lakuti makolo ndiwauze ndekha, momveka, ndipo ndisalonjeze kanthu. Akodineta anabwereza zimenezi kangapo. "Musanene kuti mudzatumiza foni, musanene kuti mudzamupezera azungu, musanene kuti mudzabwera pa Khirisimasi. Lonjezo lanu likasweka, amene atsale ndi manyazi ndi ife ndi aphunzitsi."

Tinakhala pakhonde, mwana ali pamiyendo panga. Ndinawadziwitsa aphunzitsi, kenako ndinanena nkhani yanga m'Chichewa, aphunzitsi n'kuibwereza m'Chitumbuka kuti pasatsale chosamveka. Mayi wa mwanayo anamvetsera akusankha tomato m'beseni.

"Mukupita liti, asisi?"

"Ntchito ndisiya kumapeto kwa mwezi uno."

"Ndege ndi ya liti?"

"Sindikudziwa bwinobwino."

Anakweza maso. "Simukudziwa, koma mukusiya?"

Ndinayesa kufotokoza za viza, za pasipoti imene inali kutali, za mwezi wa pangano. Ndikulankhula ndinkadzimva ndekha kuti zikumveka ngati bodza. Iye anangogwedeza mutu.

"Mudzandipatse nambala yakunjako."

Ndinayang'ana aphunzitsi, aphunzitsi anayang'ana nkhuku. Ndinati nkhani zonse za mwana zizidzera kwa aphunzitsi ndi kuofesi, ndi mmene bungwe limayendetsera.

"Palibe kanthu," anatero. "Bambo ake a uyu anasiya nambala. Ndili nayo mpaka lero."

Sanakwiye, sanalire. Anatipatsa tomato m'kajumbo, ndipo ine ndinalephera kudziwa ngati kulandira kunali koyenera kapena ayi, poti mphatso za makolo zinali zoletsedwa. Aphunzitsi analandira m'malo mwanga.

Sabata yotsatira inali yoti aphunzitsi agwire ntchito ine ndikuonerera. Anamugwira mwanayo mosiyana ndi ine, molimba, akumuimbira kanyimbo ka Sande sukulu m'Chitumbuka. Ndinatsala pang'ono kuwadzudzula kuti mwendo wakumanzere sakonda kuugwira choncho. Ndisanatsegule pakamwa, kamtsikana kanaseka, kuseka kwenikweni kotulutsa mawu, ndipo mwendo uja unawongoka mosavuta kuposa mmene unkachitira m'manja mwanga. Mayi ake anaomba m'manja. Nanenso ndinaomba. Koma pobwerera ndinapalasa njinga osadziwa ngati chimene chinali pachifuwa panga chinali chimwemwe kapena nsanje. Si zimenezi ndinkapempherera, kuti mwanayo asadzandisowe? Nanga n'chifukwa chiyani zinandiwawa?

Nkhani ya ulendo wanga inafalikira ngati moto wa m'tchire. Kutchalitchi anthu amene sitinkapatsana moni anayamba kundigwira dzanja nthawi yaitali. Wina anandipatsa mapepala a sukulu a mwana wake. Mkulu wina wa komiti ya bungwe anandikokera pambali n'kunena kuti, "Mukafika mukhale kazembe wathu, mutipezere otithandiza." Nditawauza akodineta anapukusa mutu, nati sindingapemphe chithandizo m'dzina la bungwe popanda kalata ya komiti yonse, ndipo zithunzi za ana sindingazigwiritse ntchito. Ndiye wina akuti ndikhale kazembe, wina akuti ndikachoka ndachoka. Apongozi nawo anamva kudzera kwa mnzawo wa mvano. Anaimba n'kungonena kuti, "Wasankha wekha, mwana wanga. Tipemphere." Mawu amenewo anandilemera kuposa kukalipa.

Tsiku lomaliza ndinabweza katundu. Mlembi wa muofesi ankachonga chimodzichimodzi: njinga ndi pampu yake, chikwama, chiphaso chokoleka m'khosi, malaya a chizindikiro cha bungwe, mabuku a malipoti. Chitenje cha bungwe anati ndisunge. Kenako akodineta anandikhazika pansi kuti ticheze komaliza, monga amachitira ndi aliyense wochoka. Anafunsa chimene chinandikomera, chimene chinandivuta, ngati pali mwana amene ndikumudera nkhawa mwapadera, ngati pali chilichonse chokhudza chitetezo cha ana chimene ndinaona koma sindinanene. Ndinayankha zonse. Anandikumbutsa kuti zinsinsi za mabanja ndizisunga ngakhale ndili kutsidya kwa nyanja.

"Tsopano foni yanu, asisi."

Ndinaiwala zoti muli zithunzi. Tinkajambula ana, makolo atavomera, kuti a mafizo aone mmene akukhalira pampando. Zinali za ntchito, osati zanga. Tinazitumiza pakompyuta ya ofesi, kenako ndinazifufuta iwo akuona. Chithunzi cha kamtsikana kaja katagwira sipuni koyamba chinandiimitsa chala.

"Ngakhale chimodzi chokha?"

"Mayi ake anavomera kuti bungwe lijambule. Sanavomere kuti chipite ku Ulaya." Ananena mofatsa, ndipo ndinadziwa kuti akunena zoona. Ndinafufuta.

Masana anzanga anandichitira phwando. Panali mafanta, mandasi, ndi nyimbo. Anandipatsa satifiketi ndi kalata yondichitira umboni, abusa anapemphera kuti Chiuta anditsogolere pamtunda ndi m'mlengalenga. Tinalira tonse. Ndisanafike n'kunyumba komwe, foni inalira: andichotsa pagulu la mavolontiya la pa WhatsApp. Dzina langa linachotsedwanso pamndandanda umene bungwe limapereka kuofesi ya zachisamaliro cha anthu ndi kwa alangizi a zaumoyo a m'midzi. Zonse zinayenda mwadongosolo lake.

Koma viza sinabwere.

Seputembala anadutsa. Kenako kunabwera uthenga wofuna pepala lina loonjezera la ukwati wathu, ndipo titatumiza kunangoti zii. Amuna anga anavomera kuti anawerengera pa nkhani ya munthu mmodzi, pomwe ena amadikira nthawi yaitali. Mipando ndinali nditagulitsa kale. Ndinkagona pamatiresi pansi, masutikesi awiri atatsamira khoma, ndikuphika ndi kapoto kamodzi. Eni nyumba ankandifunsa mwaulemu kuti auze liti wolowa watsopano, ine ndinkati, "Posachedwa."

Rumphi Boma ndi yaing'ono, munthu sungabisale. Kumsika, kubanki, pa siteji ya minibasi za ku Mzuzu, funso linali limodzi: "Kodi simunapite?" Ena ankafunsa mwachifundo, ena kukamwa kuli kumwetulira. Ndinayamba kupita kumsika m'mamawa anthu asanachuluke, ndipo kutchalitchi ndinkakhala kumbuyo. Masiku amene kale anali oyendera ana ndinkadzuka mwachizolowezi, kusamba, kuvala, kenako n'kukumbukira kuti njinga kulibe.

Tsiku lina ndinakumana ndi mayi wa kamtsikana kaja pageti la chipatala. Anali atakabereka kumsana, miyendo yake ikulendewera mpaka m'ntchafu. Kanandizindikira, n'kuyamba kudziponya m'mbuyo monga kankachitira kakakondwa.

"Asisi, muli kuno?"

"Ndidakali kuno. Mapepala achedwa."

"Miyezi yonseyi muli pa Boma pompano?"

"Eya."

"Ndiye bwanji osabwera? Ngati tinakulakwirani mukanangonena. Anthu kumudzi akuti munatopa nafe, za ulendozo zinali zongopeka."

Ndinafuna kulumbira. Ndinafuna kumukokera kunyumba akaone masutikesi. Koma ndikanamuyankha chiyani pa funso lakuti bwanji osabwera? Ine ndemwe sindinkadziwa ngati ndikuloledwa kapena ayi. Ndinagwira kaphazi ka mwanayo, ndipo dzanja langa linazindikira lokha kuti mwendo wakumanzere waumanso pang'ono. Mayi ake anati aphunzitsi anapita ku maliro a mchemwali wawo ku Karonga ndipo atha masabata angapo asanabwere.

Kuchokera pamenepo ndinalunjika kuofesi.

"Amayi, ndibwezereni njinga. Ndili pano, sindikuchita kanthu, ana akuuma miyendo."

Akodineta anapuma mozama. Ndinaona kuti nawonso nkhaniyi inkawazunguza.

"Asisi, ndikanakonda. Anthu ndilibe. Koma taganizani. Tinalemba kuti munasiya. Kuti mubwerere, musainanso pangano, komiti ivomereze, tidziwitsenso maofesi onse aja. Zimenezo n'zotheka, si zovuta kwambiri. Koma mukayamba lero, viza n'kutuluka mawa, makolo aja tiwauzanso kachiwiri kuti mukupita? Aphunzitsi akabwera apeza kuti mabanja amene anayamba kuwazolowera abwerera kwa inu. Tiyambirenso?"

"Ndiye ndipite ngati mnansi chabe, osavala malaya a bungwe."

"Kucheza sindingakuletseni, si ine mwini msewu. Koma mukamugwira mwana mafizo, china chake n'kuchitika, mwagwira ngati ndani? Mayi uja kwa iye ndinu bungwe, kaya mwavala malaya kaya simunavale."

"Tsono ndichite chiyani?"

"Sindikudziwa," anatero. Aka kanali koyamba kuwamva akunena mawu amenewa.

Tinagwirizana chapakati, chimene sichinakhutitse aliyense. Anapempha volontiya wina wa dera loyandikana kuti aziyendera mabanja a aphunzitsi mpaka abwere, ndipo ine anandilola kubwera kuofesi kudzathandiza zosakhudza ana: kusoka timapilo ta m'mipando yapakona, kupala matabwa ndi sandipepa, kukulunga zigwiriro za masipuni. Ndinkasaina m'buku la alendo pakhomo, pa ofesi imene makiyi ake ndinkasunga kale. Anzanga akale akabwera kudzapereka malipoti ankasiya kulankhula za ana ndikalowa, poti tsopano ndinali wakunja, kenako ankachita manyazi n'kuyamba kundifunsa za nyengo ya ku Ireland, dziko limene ndinali ndisanaliponde. Wina anandifunsa moseka ngati adzasonkhenso za phwando lachiwiri. Tinaseka, koma pobwerera kunyumba ndinalira m'njira.

Kwa mayi uja sindinapite. Tsiku lililonse ndinkati ndipita mawa. Ndikaganiza zopita, ndinkaona kuti ndikukasokoneza zimene tinamanga movutikira. Ndikaganiza zokhala, ndinkamva mawu aja akuti munatopa nafe. Ndinafunsa amuna anga, anati, "Tsatirani zimene akuuzani kuofesi." Ndinafunsa apongozi, anati, "Munthu sakanizidwa kuona wodwala." Onse ankanena zoona, ndipo ine ndinangokhala pakati ndikusoka mapilo.

Viza inatuluka mvula yoyamba itagwa, anthu ali pakalikiliki kubzala. Uthenga unandipeza ndili ndi singano m'manja. Ndinawerenga, n'kuwerenganso, koma chimwemwe chimene ndinkachiyembekezera miyezi yonse ija sichinabwere nthawi yomweyo. Ndinangomva njala. Amuna anga anagula tikiti ya sabata yotsatira, ndipo ndinayenera kunyamuka msanga kukatenga pasipoti ku Lilongwe.

Ulendo uno ndinamvera apongozi. Sindinauze munthu, kupatula eni nyumba ndi akodineta. Iwo anandikumbatira, nati, "Za kuofesi tinamaliza kalekale, palibe chosaina. Pitani bwino, asisi." Ndinawafunsa ngati ndingakatsanzike kwa mayi uja. Anati, "Pitani ngati inuyo. Musamugwire mafizo, musalonjeze kanthu. Koma pitani."

M'mawa mwake ndinakwera kabaza kulowera msewu wa ku Bolero. Matope anali atayamba, ndipo tinatsika kangapo kukankha njinga. M'njira monse ndinkakonza mawu m'Chitumbuka changa chosweka, kuti ndimuuze m'chilankhulo chake kuti sindinatope naye, kuti ulendo unali weniweni. Titafika tinapeza chitseko chili chokhoma. Mpando wapakona unali pakhonde, wofundikidwa ndi thumba kuti usanyowe.

Ndinaodira kunyumba yoyandikana nayo. Kunatuluka mayi wachikulire, khasu lili paphewa.

"Apita ku Boma," anatero. "Lero ndi tsiku la ana kuchipatala. Aphunzitsi abwera kudzawatenga m'mamawa."

Tsiku la kuchipatala! Ine amene ndinkakumbutsa mudzi wonse za tsikuli ndinali nditaliiwala. Ndiye kuti tinasemphana panjira, mwina pamene tinkakankha njinga m'matope iwo anadutsa paminibasi.

"Mukawauze kuti kunabwera mlendo kudzatsanzika."

"Ndinene kuti ndani?"

"Volontiya wakale uja, wa njinga."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Uja anapita kunja?"

"Ndine ndemwe."

"Ooo, mwabwerako! Monire, mama. Kunali bwanji kumeneko?"

"Sindinapite. Ndikupita mawa."

"Mukubwereranso?"

"Ayi, amama, ndikupita koyamba."

Anatsitsa khasu, n'kuliimika pansi. "Nanga amene anatsanzika uja ndi ndani?"

Ndinayamba kufotokoza, koma pakati pa chiganizo ndinaona kuti ndikungomusokoneza. Ndinangoti akanene kuti ndinabwera. Anavomera mokoma mtima, ngakhale maso ake ankaonetsa kuti uthenga umene akapereke sudzakhala umene ndasiya.

Tinabwerera mothamanga kuti mwina ndiwapeze kuchipatala. Ndinafika dzuwa lili pamutu, mabenchi a kwa a mafizo ali opanda munthu. Wosesa anati gulu la ana latuluka kale. Ndinazungulira kumsika, mzere wa tomato, pa siteji, osawaona. Nambala ya aphunzitsi ndinali nayo, ndipo ndinaimba, koma foni yawo inali yothima. Eni nyumba anali akundidikira kuti tione nyumba ndiwapatse makiyi, ndiye ndinabwerera.

Ndinanyamuka m'mawa mwake pa minibasi yoyamba ya ku Mzuzu, masutikesi atamangidwa kumbuyo. Aphunzitsi anandiimbira ndili kale ku Lilongwe. Anati uthenga unafika, ngakhale unafika wopindika: kumudzi kunamveka zoti ndabwerako kunja ndipo ndinabwera ndi katundu, koma ndinapeza kulibe anthu. Iwo ndi amene anawongola nkhaniyo. Ndinafunsa kuti mayi wa mwana anati chiyani atamva zoona zake.

"Anangoti, 'Kani anapitadi.' Kenako anafunsa ngati sabata yamawa ndibwera Lachiwiri kapena Lachitatu."

"Ndiye mupita liti?"

"Lachitatu," anatero aphunzitsi. "Lachiwiri ndikathira feteleza."